Chiponde chanu mukugulitsa kwa ndani?

"Ndikuchita dipuloma ya zamalonda ku Lilongwe. Tapatsidwa ntchito yolemba pulani yogulitsira chiponde. Pofunsa za makasitomala ndinalemba kuti ‘aliyense’, ndiye aphunzitsi andibwezera. Ndalakwitsa pati?"

Aphunzitsi anu sanakulakwireni. Ambiri amadya chiponde ndithu, koma sagula mofanana. Mayi wa ku Kawale wothira m'phala la mwana amagula pang'onopang'ono, malinga ndi ndalama ya tsikulo. Kholo la mwana wa sekondale yogonera limagula botolo lalikulu potsegulira teremu. Wapantchito wa ku City Centre amalowa m'supamaketi n'kuyamba wawerenga lebulo. Awatu ndi magulu atatu, ndipo chowasiyanitsa ndi kagulidwe: amagula liti, chochuluka bwanji, chifukwa chiyani. Kugawa anthu pa zaka kapena pa amuna ndi akazi pokhapokha sikukuuzani zimenezi. Chezani ndi ogula 20 pagolosale, mulembe zomwe akunena.

Tsono sankhani gulu limodzi. Supamaketi ndikanayamba ndaisiya, chifukwa imafuna chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, komanso masitolo aakulu kawirikawiri salipira pomwepo. Wampamba wochepa sangadikire. Ine ndikanatenga makolo a ana ogonera.

Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amagwera. Zinthu zinayi za kagulitsidwe zomwe katswiri wa zamalonda E. Jerome McCarthy analemba mu 1960, katundu, mtengo, malo ndi kutsatsa, amazilemba ngati mutu wina wosakhudzana ndi gulu lomwe asankha. Chilichonse mwa zinayizi chiyenera kuyankha kholo lija. Botolo likhale lapulasitiki, lotseka bwino, loti likagubuduka m'chikwama pabasi lisadonthezere yunifolomu mafuta. Chiponde chikhale choti chitha teremu chisanasinthe fungo, kuchokera ku mtedza wouma bwino, wosankhidwa, wopanda chuku. Chipezeke m'magolosale momwe makolo amagulamo shuga ndi sopo wa mwana, makamaka pafupi ndi depoti. Uthenga upite m'magulu a WhatsApp a makolo sabata ziwiri sukulu zisanatsegule, chifukwa wofika mwana atapita kale ulibe ntchito.

Pamtengo gwirani cholembera. Tiyerekeze kuti botolo limodzi likukudyerani K2,500, kholo likulipira K3,500, wagolosale akutengapo K500. Inu mwatsala ndi K500. Mabotolo 200 akupatsani K100,000, ndipo materemu ndi atatu okha pachaka. Miyezi ya pakatiyo mudzalipira ndi chiyani lendi ndi kuchigayo?

Ngati masamuwa sakukwana, musathamangire kukweza mtengo. Bwererani pa magulu aja muwonjezere lachiwiri, amayi a phala, omwe amagula sabata ndi sabata. Koma iwowa afuna kapaketi kakang'ono, mtengo wake wake, ndi okala yapafupi ndi nyumba. Mu pulani yanu gulu limeneli mulilembere zinthu zinayizo pazokha, patsamba lake.