"Without prejudice" pa agirimenti ya nyumba ya lendi, tiziti chani pa Chichewa?

"Achimwene, ndikumasulira agirimenti ya nyumba ya mayi anga ku Ndirande kuti iwo ndi tenanti wawo azimva bwinobwino, ndiye ndakakamira pa 'without prejudice', ndangolemba kuti 'popanda tsankho'. Zili bho? Palinso 'notwithstanding' yandizunguza mutu."

Ayi achemwali, tsankholo lifufuteni lero lomwe. Pa mawu amenewa, maloya akati "prejudice" amanena za kuluza kapena kuonongekeredwa ufulu omwe munthu ali nawo, za kukondera sizikukhudzana nazo olo pang'ono, ndiye musasake liwu limodzi loti lilowe pamenepo, masulirani chiganizo chonse.

Tiyerekeze lendi ndi K150,000 pa mwezi, tenanti wadumphitsa miyezi iwiri, ndime ikuti landilodi akhoza kuthetsa agirimenti "without prejudice to" ufulu wake olonjerera ngongole. Ine ndingalembe chonchi: "Mwininyumba akhoza kuthetsa mgwirizanowu atapereka notisi, koma kutero sikukumulanda ufulu wake oitanitsa lendi yonse imene sinalipidwe." Apa tenanti akumva kuti olo atuluke ndi katundu wake pa lole, K300,000 ija ikumutsatabe. Mukalemba mumuwerengere munthu wina amene sanaone Chingerezicho nkumufunsa kuti kodi akakuchotsa ngongole yatha? Akati eya kapena akayamba kukayika ndiye kuti chiganizocho sichinapse, bwererani.

Koma mawu omwewa akakhala pamwamba pa kalata ndi nkhani ina. Mwachitsanzo mayi akulembera tenanti kuti ingondipatsani K200,000 tithane, apo akutanthauza kuti "kalatayi ndi yongokambirana kuti tigwirizane, isakaperekedwe ku khoti ngati umboni", kuti zikakanika tenanti asakanene kwa majisitireti kuti onani anavomera okha K200,000. Zimagwira pokhapokha ngati pali mkangano weniweni ndipo mukuyesadi kuuthetsa. Chonde musawaike pa notisi yotulutsa munthu mnyumba, imeneyo mudzafuna kukaionetsa ku khoti nokha.

"Notwithstanding" ndiye musaiphatikize ndi mnzakeyo chifukwa ntchito zawo ndi zosemphana, iyi imapondereza ndime inayo pomwe "without prejudice to" ija imaisiya ili chilili. Lembani kuti "ngakhale ndime 4 ikunena zina, chotsatidwa ndi ichi". Mukazisinthanitsa ziwirizi munthu akhoza kutaya dipoziti yake yonse pa pepala loti anasainira yekha.

Pomaliza muike ndime yonena kuti Chichewa ndi Chingerezi zikasiyana chotsatidwa ndi chiti. Maloya ambiri amasankha Chingerezi poti malamulo athu analembedwa mu Chingerezi, koma ngati onse awiri akuwerenga Chichewa chokha ndiye Chichewacho chiyenera kukhala cholondola ndithu. Onse asainire mapepala onse awiri, ndipo ngati nkotheka loya aone kaye ndime ya notisi ndi ya dipoziti musanasaine.