Nyimbo ya mu gemu imamvera wosewera, osati woipeka

"Aphungu, ndili chaka chachiwiri ku koleji, ndikuphunzira za akaunti chifukwa bambo anatero. Mtima wanga uli pa nyimbo za m'magemu. Ndapeka zambiri pa kompyuta, koma nditatumiza zina kwa kagulu kopanga gemu anangoti ndi zokoma koma sizisintha. Sindinamve. Kodi nyimbo imadziwa bwanji kuti mdani wayandikira? Ndisiye sukulu ndilimbikire zimenezi?"

Usasiye sukulu. Munthu amene sanadziwebe chimene anamukanira sanafike posiya china chilichonse. Makalata otere amandipeza kawirikawiri, ndipo chimene chimanditopetsa n'chakuti olembawo amakhala atathera miyezi akuwonjezera nyimbo pamwamba pa nyimbo, osakhalapo madzulo amodzi kutchera khutu kuti amve chimene gemu imachita ndi nyimbo ikakhala nayo.

Nyimbo yako ili ndi poyambira, pokwerera ndi pothera, ndipo zonsezo unazikonza wekha. Mu gemu mwini nthawi ndi wosewera. Wina adzathamangira mdani pa sekondi yachisanu, wina adzangozungulira m'nkhalango theka la ola akutola zinthu. Choncho opanga gemu safuna nyimbo imodzi yomata. Amafuna zigawo zosanjikizana, chilichonse mu fayilo yakeyake, zoti gemu izitsegula ndi kutseka malinga ndi zimene zikuchitika. Nzeruyi ndi yakale. Mu Super Mario World ya 1990, Mario akakwera kanyama kotchedwa Yoshi, ting'oma timawonjezeka pa nyimbo yomwe ija, ndipo akatsika timachoka. Opeka nyimbo za Red Dead Redemption ya 2010, a Bill Elm ndi a Woody Jackson, anajambula zigawo zawo mu kiyi ya A minor pa liwiro la kugunda 130 pa mphindi, n'cholinga choti chigawo china chikagwera pa chinzake zisakangane. Ilipo njira inanso, yodumpha kuchoka pa chidutswa china cha nyimbo kupita pa china, imene iMUSE, pulogalamu ya nyimbo ya kampani ya LucasArts, inatchuka nayo mu Monkey Island 2 mu 1991, koma iwe yamba ndi zosanjikizanazi. Ndi zimene ungamange wekha sabata ino.

Tenga liwiro la kugunda 120 pa mphindi, kugunda kanayi pa baa iliyonse. Kugunda kumodzi ndi theka la sekondi, baa imodzi ndi masekondi 2, ndipo lupu, chidutswa chomangobwerezabwereza, ya mabaa 16 ikhala masekondi 32. Peka zigawo zinayi, zonse za masekondi 32 ndendende, kiyi imodzi, makodi ake, magulu a manoti oimbidwa pamodzi, kusinthira pa malo amodzimodzi. Choyamba ndi cha ulendo: mawu ofewa otalika ndi piyano ya apo ndi apo. Chachiwiri ndi besi yogunda pansipansi, youza wosewera kuti pali china chake pafupi. Chachitatu ndi ng'oma. Chachinayi ndi malipenga kapena mavayolini othamanga, a pamene zinthu zafika povuta.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Chigawo choyamba chiyenera kukoma pachokha, komanso chisiye malo a zitatu zimene zidzakwere pamwamba pake. Ukadzaza mawu okhuthala a pansi m'chigawo cha ulendo, besi ikamalowa zonse zimangokhala phala, ndipo wosewera samva kuti china chasintha. Yesa mogwirizana ndi mmene zidzamvekere: choyamba chokha, choyamba ndi chachiwiri, zitatu pamodzi, kenako zonse. Ngati pena pakumveka ngati nyimbo yosatha kupeka, bwerera.

Zigawo zinayizo zimayamba nthawi imodzi ndipo zimayenda limodzi, ngakhale zitatu zili pa voliyumu ya ziro. N'chifukwa chake ng'oma zikatulukira zimagwera pa kugunda koyenera: zinali zikuyenda kale, chabe kuti sizimamveka. Wina akafuna kupulumutsa mphamvu ya makina n'kuzimitsiratu chigawo chosamvekacho, pochiyatsanso chimayambira pa baa yoyamba zinzake zili pa yachisanu ndi chinayi. Ukamva besi ikuimba kodi ina piyano ili pa ina, yang'ana pamenepa kaye usanakayikire kapekedwe kako.

Nanga nyimbo imadziwa bwanji? Sidziwa kanthu. Gemu ndiyo imawerengera nambala imodzi, tinene kuyambira 0 mpaka 1, kuchokera pa mtunda wa mdani, ngati mdaniyo wakuona kapena ayi, kuchuluka kwa adani ndi moyo umene watsala. Nambalayo imatumizidwa ku pulogalamu yoyendetsa mawu, kawirikawiri FMOD Studio kapena Wwise. Mu FMOD imatchedwa parameter, mu Wwise amaimangirira ku voliyumu kudzera mu RTPC, njira yosinthira mawu gemu ili mkati. Wolemba pulogalamu ya gemu amangofunika mzere ngati uwu, momwe nambalayo taitcha Danger:

```
music.setParameterByName("Danger", 0.7f);
```

Zotsalazo ndi zako. Iwe ndiye unganene kuti besi iyambe kumveka pa 0.3, ng'oma pa 0.6, malipenga pa 0.85.

Tsopano tiione ikuyenda. Wosewera ali m'nkhalango, Danger ili pa 0.1, kukumveka piyano yokha. Chilombo chatulukira chapatali, nambala yakwera kufika pa 0.35, besi yalowa pang'onopang'ono. Chamuona, nambala yadumphira pa 0.7. Pamenepa uyenera kusankha. Ukati ng'oma zidikire baa yotsatira kuti zilowe mwaulemu, zikhoza kuchedwa mpaka masekondi 2, ndipo pa nkhondo masekondi awiri ndi ambiri: wosewera amenyedwa kale piyano idakali phee. Ukati zidikire kugunda kotsatira, kuchedwako sikupitirira theka la sekondi, koma zikhoza kulowera pakati pa baa n'kumveka zongogwera. Ambiri amaphimba mpatawo ndi kamawu kafupi kodzidzimutsa kamene kamalira nthawi yomweyo mdani akangoona wosewera, ng'oma zenizeni n'kulowa pa baa yotsatira. Khutu limamva kuti nyimbo yayankha msanga, chonsecho ng'oma zadikira nthawi yake.

Kutsika ndiko kovuta kuposa kukwera, ndipo ndi pamene ndimaonera ngati wophunzira wasewerapo ntchito yake kapena wangoijambula. Wosewera wathawa n'kuima m'mphepete mwa dera limene chilombo chimaonera. Akasuntha pang'ono nambala ili pa 0.62, akabwerera ili pa 0.58. Ngati malire ali amodzi, pa 0.6, ng'oma zimangoti lowu, tuluku, lowu, tuluku, ndipo mantha onse amasanduka nthabwala. Mankhwala ake ndi malire awiri: ng'oma zilowe nambala ikadutsa 0.6, koma zisachoke mpaka itatsika pansi pa 0.4. Wonjezeraponso lamulo loti nambala ikwere msanga koma itsike osapitirira 0.1 pa sekondi. Mu FMOD liwiro la kukwera ndi kutsikali limakonzedwa pa Seek Speed. Mukatero, kuchoka pa 0.9 kufika pa 0.4 kutenga masekondi 5, amene ali ofanana ndi mpata umene munthu amapumira akapulumuka. Ng'oma zozimiririka mwa sekondi imodzi zimauza wosewera kuti zatha mtima wake usanavomere.

Pali vuto lina limene si la makina konse. Ngati besi imalowa chifukwa cha mtunda wokha, nyimbo imaulula mdani amene wopanga gemu anamubisa dala kuseri kwa chitseko. Wosewera wochenjera amasiya kuyang'ana, n'kumangomvera besi. Nthawi zina zimenezi n'zofunika, monga m'gemu yozemba adani momwe nyimbo imathandiza kudziwa ngati wakuona. Koma m'gemu yoopseza zimapha chidzidzimutso chonse, ndipo pamenepo Danger iyenera kuwerengera adani okhawo amene wosewera wawaona kale. Funso ili uzifunsa gulu lako ntchito isanayambe, chifukwa limasintha kapekedwe ka chigawo chachiwiri.

Achinyamata amathamangira nyimbo ya nkhondo chifukwa ndi yosangalatsa kupeka. Koma wosewera amathera nthawi yake yambiri akungoyenda. Lupu yako ya masekondi 32 ikalira kwa mphindi 40, ibwereza ka 75. Kanyimbo kokoma kamene unakanyadira, pofika ka 20 kasanduka udzudzu. N'chifukwa chake chigawo cha ulendo chimafuna mawu ochepa, timagawo tingapo tosinthanasinthana tosankhidwa mwachisawawa, ndi mipata ya zii. Mvetsera The Legend of Zelda: Breath of the Wild ya 2017: poyenda m'thengo umamva tizidutswa ta piyano totalikirana, mphepo ndi mapazi, ndiye Guardian, chimakina cholusa cha m'gemumo, ikakuona piyano yothamanga ija imabaya chifukwa khutu linali litapuma. Zii ameneyo anachita kumupeka. Yang'ananso polumikizira lupu: ngati rivebu, kamchira ka mawu kotsalira, ya baa yomaliza yadulidwa, masekondi 32 aliwonse padzamveka kadzenje. Ndipo usatumize zigawo mu MP3, chifukwa imawonjezera kachete pang'ono koyambirira kwa fayilo. Tumiza WAV.

Za ntchito ndikuuze mosabisa. Malo a opeka nyimbo za magemu ndi ochepa kuyerekeza ndi owafuna, ambiri amagwira pa kontrakiti imodziimodzi, ndipo palibe situdiyo yaikulu imene idzakuitane chifukwa cha fayilo yodzaza nyimbo. Magulu ang'onoang'ono ndiwo khomo lako, ndipo iwo amafuna munthu amene angapeke n'kulumikiza yekha. FMOD Studio ndi Wwise ukhoza kuziphunzira osalipira, ndipo Audiokinetic, kampani yopanga Wwise, ili ndi maphunziro a Wwise-201 okhudza nyimbo zosinthasintha zenizenizi. Sufunika ngakhale gemu kuti uyambe: mu FMOD ukhoza kuyendetsa Danger ndi dzanja n'kumva zigawo zikulowa. Jambula vidiyo ya mphindi ziwiri yoonetsa nambala ikukwera ndi kutsika, kuphatikizapo pamene wosewera akuzengereza m'mphepete paja, ng'oma osagwedezeka. Imeneyo ndiyo utumize kwa anthu anakukana aja. Kenako lowa Global Game Jam, momwe magulu amapanga gemu m'masiku ochepa, imene imachitika chaka chilichonse mu Januwale, ukaone mmene ntchito yako imaswekera m'manja mwa anthu ena.

Kwa bambo ako, ngati uwaonetse yankholi: bambo, kusankhira mwana kosi popanda kumufunsa chimene amachita usiku pa kompyuta paja si kulera, ndi kungodzichotsera nkhawa. Ntchito imeneyi ili ndi masamu, ili ndi mapulogalamu, ndipo ikhoza kuyesedwa. Mupempheni vidiyo ija pakutha pa temu ino. Akaibweretsa, mukhale pansi mukambirane za maphunziro a zamawu kapena a zamakompyuta oti awonjezere. Akabwera ndi nyimbo zina khumi zosasintha, mudzakhala ndi chifukwa chomukayikira.

Khutu uli nalo, apo ayi sakanati ndi zokoma. Tenga imodzi mwa nyimbo zimene unatumiza zija, uiphwasule m'zigawo zinayi, uyambe ndi kuchotsa besi m'chigawo choyamba.