Kalata yopempha madokotala a khansa afotokoze za matenda a bambo

Funso: “Bambo anga awapeza ndi khansa ya kummero, koma sitinamvetse zimene madokotala ananena. Kodi kalata yopempha kuti atifotokozere ndiilembe bwanji?”

Yankho: Yambani mwapempha chilolezo cha bambo anu, ndipo asayine m'munsi mwa kalatayo, chifukwa madokotala saulula za wodwala kwa wachibale, ngakhale mwana wake, mwiniwake asanavomere. Mulembe dzina lawo, nambala ya fayilo yawo ndi tsiku limene anadulidwa kanyama kokayeza, kenako mupemphe nthawi yokumana, popeza nkhani yotereyi imamveka bwino pamaso kusiyana ndi papepala.

Funso lalikulu likhale lakuti khansayo yafika pa siteji iti mwa masiteji 4 osonyeza kukula ndi kufalikira kwake, ndipo cholinga cha chithandizo n'kuchiza kapena kuchepetsa ululu ndi kuwathandiza kumeza. Ndikuona kuti mabanja ambiri amasokonezeka pamenepa, chifukwa munthu angapatsidwe mankhwala a khansa a m'diripi kapena kuikidwa kapaipi kotsegula kummero, achibale n'kumaganiza kuti akuchira pamene cholinga n'chakuti azitha kudya basi. Mufunsenso kuti mankhwalawo adzalandira kangati, ndiponso kutentha thupi kofika pati kumene kukufunika kuthamangira nawo kuchipatala ngakhale usiku.