Mtima wofiira usafulumire nawo, mdzukulu wanga

*Agogo, pali mtsikana wina amene timaimba limodzi kwaya. Ndinamulembera pa WhatsApp kuti "Ndakusowatu 😂😂❤️🔥🙈", ndikuwonjezera sitika. Iye wangoyankha 👍. Ndalakwitsa pati?*

Mdzukulu wanga, vuto lalikulu ndi kuseka uko. Kankhope ka 😂 kamatanthauza kuti munthu waseka mpaka misozi, ndiye ukakaika pambuyo pa mawu ochokera pansi pa mtima, kamawafafaniza. Ndikudziwa chifukwa chake anyamata mumatero: mumafuna pothawira, kuti akakukanani munene kuti zinali zocheza. Koma taganizira mwana wa eni akeyo. Mawu akuti wamusowa, nkhope ikuti ukuseka, mtima ukuti wamukonda, moto ukunena za thupi lake. Ayankhe chiti? Atati akhulupirire mtimawo, iwe nkudzati unkangocheza, manyazi ndi ake. Nchifukwa chake wadziteteza ndi chala, chomwe chimangoti "ndamva" nkutseka nkhani.

Lemba mawu oti angaime paokha, kenako uike emoji imodzi yogwirizana nawo. Mwachitsanzo: "Lamulungu munaimba bwino kwambiri, nyimbo ija sikuchoka m'mutu mwanga 😊". Tachotsa kankhopeko uwerengenso. Uthenga sunasinthe, wangochepa kukoma pang'ono. Ukaona kuti emoji ikachoka tanthauzo likusokonekera, dziwa kuti mawu ako sanakwane, ndipo wasiyira kachithunzi ntchito yofunika pakamwa pako.

Mtima wofiira ndi wolemera. Ukautumiza wokha pa WhatsApp umaoneka waukulu, nkumagunda pa foni ya mnzako. Kumeneko ndi kufunsira ndithu, ndipo munthu safunsira mbeta ndi kachithunzi. Usunge mpaka mutalankhulana pamaso. Zimodzimodzi 😘. Zija za biringanya ndi pichesi, achinyamata nonse mukudziwa kuti sizinena za kumunda. Usazitumize kwa mtsikana amene umamulemekeza, paja foni imatha kugwiridwa ndi mayi ake kapena mlongo wake.

Sitika imapita payokha ngati uthenga wina, ndipo kawirikawiri imakhala nthabwala ya m'gulu la anzako, nkhope ya munthu wina itakwinyika. Ikatsatira mawu achikondi, chomaliza kuona iye ndi nthabwalayo. Dikira kufikira mutakhala ndi kanthu kamene munasekera limodzi awirinu.

Uziyang'ananso mmene iye amalembera. Ngati pa mauthenga ake angapo waikapo kankhope kamodzi, iwe usamuthire tisanu. Akayamba yekha kuika 😊 kapena kukufunsa mafunso, ndiye kuti macheza akumukomera. Akamangoyankha "ok" kapena chala kawiri katatu, bwerera m'mbuyo mwaulemu.

Uthenga uja usaufufute, chifukwa pamatsala chizindikiro choti wafufuta ndipo adzangodabwa. Lero usamulemberenso. Mawa umulembere kuti: "Dzulo ndinachulutsa zoseka, koma zoti ndakusowani ndimanena zoona. Kodi Loweruka mubwera ku kwaya?"