Ndime ya zimene inshuwalansi silipira: ndiilembe bwanji kuti imveke?

Ndimagulitsa inshuwalansi kwa eni magolosale ku Kawale ndi ku Biwi. Ndime yonena zimene kampani silipira ndinaimasulira motere: "Kampani sidzakhala ndi udindo pa kutayika kulikonse kodza mwachindunji kapena mosakhala mwachindunji chifukwa cha kuba kosagwiritsa ntchito mphamvu kapena zipolowe, kupatula pamene zanenedwa mwina m'ndandanda." Anthu amangogwedeza mutu, koma ndikuona kuti sakumva. Ndikonze pati? — Mayi wa ku Lilongwe

Mayi, mawu onse ndi a Chichewa, koma mafupa a chiganizocho ndi a Chingerezi cha maloya. Mwini golosale ali ndi funso limodzi: mudzandipatsa ndalama kapena ayi? Muyankheni ndi mawu oyamba: "Sitidzakulipirani ngati..." Mawu oti "udindo" achotseni, chifukwa ambiri akawamva amaganiza za mpando wa mfumu kapena wa bwana. "Kutayika" nakonso n'kwa ufa wogwa pansi kapena chikwama choiwalika m'minibasi. Katundu wa m'golosale amabedwa.

Samalani ndi mneni. "Sitilipira" polemba angatanthauze chizolowezi kapena za lero lokha, pakuti chimasiyanitsa ndi kamvekedwe ka mawu, ndipo kamvekedwe sitilemba. "Sitingalipire" amasiya kampata, wina n'kuganiza kuti akadandaula bwino mudzamumvera chisoni. "Sitidzalipira" alibe kampata.

Pamene pagona nkhani ndi pa "kuba kosagwiritsa ntchito mphamvu". Munthu wa ku Biwi akamva "mphamvu" amaona zikwanje ndi mlonda womangidwa manja. Koma inshuwalansi ya mtundu umenewu kawirikawiri imanena za mmene wakuba analowera kapena kutulukira m'nyumba, osati za kumenya munthu. Chichewa chathu chinasiyanitsa kale zimenezi. Kuba ndi dzina la zonse. Kuthyola ndi kulowa pophwanya loko, chitseko, zenera, kapena poboola khoma ndi denga. Kulanda ndi kutenga mwini akuona, momuopseza. Inshuwalansi yanuyo ikulipira kuthyola, ndiye mawu amenewo ndiwo alembedwe.

Tiyese ndi nkhani. Bambo wina watsegula golosale m'mawa, wapeza shuga, sopo ndi mafuta ophikira a K850,000 palibe. Loko ali bwinobwino, zenera lili bwinobwino, mnyamata wogulitsa amene amasunga kiyi wachiwiri sakuoneka. Malinga ndi ndime yanu, bamboyo anena kuti waberedwa ndithu ndipo mumulipire. Kampani idzakana, chifukwa palibe pothyoledwa. Ndime yabwino ikanamuuza zimenezi tsiku losaina, mwina n'kuleka kupereka kiyi.

Pa "zipolowe" mwasankha bwino, musasinthe n'kulemba "zionetsero". Zionetsero zikhoza kutha mwamtendere. Zipolowe ndi pamene anthu ayamba kuswa ndi kutola katundu, monga zinachitikira masitolo ena mu Lilongwe muno chisankho cha 2019 chitatha. Apa pali msampha: pa zipolowe chitseko chimathyoledwadi, ndiye mwini adzati "si mwati mumalipira kuthyola?" N'chifukwa chake mfundoyi ikufunika mawu oti "ngakhale". Ntchito ya "mwachindunji kapena mosakhala mwachindunji" ndi yomweyo, kutseka njira zolambalala, ndipo ife timati "kaya... kaya...".

"Kupatula pamene zanenedwa mwina" ndi kukana pamwamba pa kukana, munthu mpaka kuwerenga ndi zala. Ikani "pokhapokha", ndipo m'malo mwa "ndandanda" nenani chinthucho: tsamba lolembedwa dzina lake, katundu wake ndi ndalama zimene amalipira. Ine ndikanalemba chonchi:

"Sitidzakulipirani ngati katundu wabedwa popanda kuthyola. Kuthyola ndi kuphwanya loko, chitseko, zenera, khoma kapena denga polowa kapena potuluka. Mwachitsanzo, wina akatsegula ndi kiyi wanu, sitidzalipira. Sitidzalipiranso katundu wobedwa chifukwa cha zipolowe, ngakhale atathyola chitseko, kaya atenga ndi ochita zipolowewo kaya ndi ena opezerapo mpata. Zimenezi tidzalipira pokhapokha ngati zalembedwa patsamba lomwe lili ndi dzina lanu."

Yatalika kuposa yanu, ndipo sindikudandaula. Koma musaisindikize musanaionetse kwa amene analemba polise, chikalata cha Chingerezi cha inshuwalansiyo, kukampani kwanu, mzere ndi mzere. Mawu oti "mwachitsanzo" asachoke, apo ayi owerenga adzayesa kuti kiyi ndiye njira yokhayo yokanidwira. Afunseninso za wakuba wolanda kiyi poopseza mwini, chifukwa mapolise ena amalipira zoterezo, ena ayi, ndipo chiganizo cha kiyi chiyenera kutsata zimene polise yanu ikunena.

Mukakawerengera munthu, musamufunse kuti "mwamva?" Mmalawi waulemu ayankha "eya" basi. Muuzeni nkhani ya mnyamata wa kiyi ija, kenako mufunse: "Pamenepa tikulipirani kapena ayi?"