Makope awiri adzaza, koma mawu sakukhala m'mutu

"Aphunzitsi, ndine mayi wa ana atatu, ndimasoka zovala kuno ku Mufakose, mu Harare. Chichewa ndi Chishona ndimayankhula bwinobwino, koma Chingerezi changa n'chochepa, ndipo ndikufuna kudzalembanso mayeso a Fomu 4. Ndimawerenga nyuzipepa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo liwu lililonse limene sindikulidziwa ndimalilemba m'kope ndi tanthauzo lake. Makope awiri adzaza m'miyezi inayi, koma ndikatsegula tsamba loyamba zimakhala ngati analemba munthu wina. Kodi mutu wanga wakalamba?"

Mayi, mutu umene unanyamula Chishona pamwamba pa Chichewa siwokalamba ayi. Taganizani mmene Chishonacho chinalowera. Simunakhale pansi ndi kope. Liwu limodzi lomwelo munalimva pampopi, munalimvanso mukombi, mawa lake pamsika wa Mbare potsutsana mtengo wa tomato, mpaka linasiya kukhala lachilendo. Mawu amakhazikika chifukwa chokumana nawo mobwerezabwereza pamalo pamene zonse zozungulira mukuzimva. Nyuzipepa ikukumanani zinthu ziwiri zonsezi, ndipo ndikupemphani muyambe mwaisiya kwa kanthawi.

Tiyeni tiwerengere. Mphunzitsi wina wa ku New Zealand, Paul Nation, amene wafufuza nkhani ya mawu kwa zaka zambiri, anasonyeza kuti munthu amawerenga momasuka popanda womuthandiza ngati akudziwa mawu 98 pa mawu 100 alionse. Ndiye kuti liwu limodzi lachilendo pa mawu 50. Anawerengeranso kuti pofuna kufika pamenepo ndi nyuzipepa kapena mabuku olembera eni chilankhulo, pamafunika mawu a pakati pa 8,000 ndi 9,000, osawerengera nthambi zake. Tsono tengani nkhani imodzi ya m'nyuzipepa ya mawu 400. Ngati mukulembamo mawu achilendo 40, ndiye kuti pa mawu khumi alionse limodzi ndi dzenje. Pamzere uliwonse mukupunthwa. Simungaganizire tanthauzo la liwu kuchokera kwa anzake, poti anzakewonso ndi alendo. Chinanso, ambiri mwa mawu 40 aja ndi a kukhoti, a ku Nyumba ya Malamulo, a zachuma, ndipo mwina simudzakumana nawonso mpaka mvula ya chaka chamawa. Ndiye kope ladzaza ndi alendo amene anangodutsa pakhomo kamodzi.

Pali mabuku amene analembedwa dala kuti athetse vuto limeneli. Ndi timabuku tankhani topyapyala, togawidwa m'makwerero, ndipo wolemba amaletsedwa kupyola mawu amene aikidwa pakhwerero lililonse. Mwachitsanzo, m'gulu la Oxford Bookworms buku loyambira limagwiritsa ntchito mawu 250 okha, la khwerero 1 mawu 400, la 2 mawu 700, la 3 mawu 1,000, mpaka la 6 limene lili ndi mawu 2,500. Alipo ena a Penguin, a Macmillan ndi a Cambridge. Buku la khwerero 1 limakhala lotalika mawu pafupifupi 5,000, koma onsewo ndi aja 400 akungozungulira. Liwu limene lakuvutani patsamba 3 mulipezanso patsamba 7, ndiponso patsamba 12, ngati mnansi amene mumakumana naye pachitsime.

Kafunseni ku Harare City Library ku Rotten Row, komanso kwa anyamata amene amayala mabuku akale m'mbali mwa misewu m'tauni. Tembenuzani bukulo, kuchikuto chakumbuyo kumakhala nambala yotsagana ndi liwu lakuti *headwords*, yosonyeza kuchuluka kwa mawu osiyanasiyana amene bukulo limagwiritsa ntchito. Dalirani nambala imeneyo, osati khwerero, chifukwa khwerero 2 la kampani iyi silifanana ndi khwerero 2 la inayo.

Musanapereke dola yanu, yesani bukulo muli chiimire. Tsegulani chapakati, osati tsamba loyamba. Werengani tsamba lathunthu, ndipo mukapeza liwu losalidziwa pindani chala chimodzi. Mayina a anthu ndi a malo musawawerengere. Tsamba la timabuku timeneti limakhala ndi mawu ngati 200, choncho zala zinayi ndiye malire ake. Mukafika pansi mutapinda ziwiri kapena zitatu, buku ndi lanu. Dzanja lonse likatsekeka tsamba lisanathe, bwezani, tengani lapansi pake.

Apa ndi pamene anthu akuluakulu amandikanira. Bambo wina amene ndinkamuphunzitsa madzulo ku Highfield, mlonda wa pafakitale, ndinamupatsa kabuku ka mawu 400 ndipo anakabweza ndi manja awiri mwaulemu, amvekere, "Aphunzitsi, aka n'ka mdzukulu wanga, kali ndi zithunzi." Iye m'thumba la jekete ankayenda ndi chibuku chonenepa cha nkhani za akazitape. Ndinamufunsa kuti ali patsamba lanji. Anali patsamba 11, ndipo anali atakhalapo kuyambira Isitala. Tinagwirizana kuti akakutire kabuku kaja ndi pepala la khaki kuti anzake a usiku asaone chikuto. Anakamaliza usiku uwiri. Chimene anabwera nacho m'kalasi sichinali mndandanda wa mawu, koma mkwiyo, poti mnyamata wa m'nkhanimo anamangidwa wosalakwa. Ndinadziwa kuti wawerengadi.

Koma ndisakunamizeni kuti kuwerenga pakokha n'kokwanira. M'chaka cha 2003 ofufuza awiri ku Japan, Waring ndi Takaki, anapatsa ophunzira kabuku kamodzi kotere, muli mawu atsopano 25. Atangomaliza kuwerenga ankakumbukirako ndithu, koma patatha miyezi itatu aliyense anali atatsala ndi tanthauzo la liwu ngati limodzi lokha, ndipo mawu amene anaoneka m'bukumo kosakwana kasanu ndi katatu anali atauluka. Phunziro lake ndi lapawiri. Buku limodzi kenako n'kupuma mwezi sikuthandiza, pafunika buku limodzi pa sabata kuti mawu azikupezani musanawaiwale. Mphindi 15 kapena 20 patsiku zimakwana, ngakhale mukombi yopita ku Market Square. Kachiwiri, mawu ena amafunika kuwagwira ndi dzanja, ndipo ntchito ya kope ndi imeneyo.

Kope lanu latsopano likhale laling'ono lokwana m'kachikwama ka ulusi. Powerenga lisakhale pafupi, dikishonale nayonso ikhale kutali. Mukhale ndi pensulo basi, ndipo liwu likakuvutani ikani kadontho m'mphepete mwa tsamba n'kupitirira. Mukamaliza mutu, bwererani ku timadontho tija. Mupeza kuti ena nkhani yawamasulira kale yokha. Pa otsalawo sankhani asanu okha, makamaka amene abwera kawiri kapena katatu, kapena amene mukuona kuti mungawagwiritse ntchito pa kasitomala mawa. Enawo asiyeni. Ngati ali ofunika abweranso okha.

Kalembedwe kake ndiye kamene ndikufuna tichedwepo. Pindani tsamba pakati chotsika. Kumanzere lembani liwulo lili m'chiganizo chimene munalipezamo, n'kulidula mzere kunsi. Kumanja lembani tanthauzo lake m'Chichewa, lalifupi, la m'chiganizo chimenecho chokha. Ngati la Chishona ndi limene labwera msanga, lembani lomwelo, palibe mlandu. Matanthauzo asanu ndi awiri amene dikishonale yandandalika musawakopere.

Tiyese ndi liwu limene limagwetsa pafupifupi Mchewa aliyense. Ife timati kubwereka ndi kubwereketsa, ndipo pakamwa timangoti "ndibwerekeni sizasi", osaona vuto. Achingerezi ali ndi mawu awiri osafanana n'komwe, *borrow* ndi *lend*. Mukangolemba *borrow* n'kuika "kubwereka" kumbali, tsiku lina mudzauza munthu kuti *borrow me*, ndipo wochonga mayeso adzadula ndi inki yofiira. Koma tinene kuti m'buku mwapeza chiganizo chakuti *She borrowed a dress from her sister*. Chikopereni chonse, mudule mzere pansi pa *borrowed* ndi *from* yemwe, kumanja mulembe kuti "kubwereka kwa munthu, wotenga ndine". Kaliwu kakang'ono ka *from* kamakuuzani kumene chinthucho chikuchokera, ndipo m'mndandanda wa mawu oima okhaokha kamatayika. Pansi pake wonjezerani chiganizo chanuchanu cha pamakina anu osokera, monga cha tsiku limene munabwereka simbi kwa aneba. Tsono *lend* musamulembe tsiku lomwelo, ngakhale dzanja likuyabwa. Mawu ofanana kapena otsutsana akalowa limodzi amakolana ngati ulusi wa pansi ndi wa pamwamba ukasokonekera mu shatulo. Dikirani sabata, mpaka woyambayo atakhazikika.

Pobwereza, musamangoyendetsa maso patsamba. Maso akaona tanthauzo lili pomwepo, mtima umati "ee, ndikulidziwa", pamene ukungolizindikira nkhope. Ndikukhulupirira kuti ndi zimene zinachitika ndi makope anu awiri aja. Phimbani mbali yakumanja, werengani chiganizo, nenani tanthauzo mokweza, kenako mutsegule kuti muone. Mukatha tembenuzani, phimbani kumanzere, yang'anani Chichewa n'kuyesa kutulutsa Chingerezi. Mbali yachiwiriyi ndi yowawa, koma ndi imene mudzaifune polemba chimangirizo pamayeso. Pamwamba pa tsamba lembani deti, ndipo mulibwerere mawa lake, patatha masiku atatu, patatha sabata, kenako patatha mwezi. Mukakhoza chongani. Liwu likakana katatu, likopereni patsamba la lero ndi chiganizo china chatsopano, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala chiganizo choyamba chimene sichinakugwireni mtima.

Asanu patsiku akuoneka ochepa, ndikudziwa. Koma masiku asanu pa sabata ndi mawu 25, pamwezi 100, kuwonjezera pa amene akulowa mwakachetechete powerenga.

Za kukwera khwerero musathamange. Werengani mabuku asanu kapena kuposa pakhwerero limodzi. Mudzadziwa kuti nthawi yakwana mukaona kuti timadontho tayamba kusowa, mwasiya kumasulira chiganizo chilichonse m'Chichewa mumtima, ndipo mphika wapserera chifukwa mumafuna kudziwa mathero a mutu. Mukakwera n'kupeza kuti zala zikutha tsamba lisanathe, tsikani, muwerengeko ena awiri.

Malire alipo. Ambiri mwa mabuku amenewa amathera pa mawu 2,500 kapena 3,000, pamene nyuzipepa imafuna oposa pamenepo kwambiri, ndipo sakuphunzitsani katchulidwe pokhapokha mutapeza amene ali ndi mawu ojambulidwa oti muzimvera. Mukafika khwerero 4, bwererani ku nyuzipepa, koma musankhe nkhani imodzi yokha n'kumaitsata tsiku ndi tsiku, kaya mlandu umodzi wa kukhoti kaya za timu ya mpira ya Dynamos, kuti mawu ake azibwerezeka ngati a m'kabuku. Mapepala a mayeso akale muwayambe nthawi yomweyo.

Makope awiri aja musakolezere mbaula. Ayikeni pansi pa nsalu m'kabati, mudzawatsegule mukamaliza khwerero 3, pensulo ili m'manja, n'kuchonga mawu amene mwakumana nawo m'nkhani. Mudzandilembere kuti apezeka angati.