Nyimbo zikamadukaduka m'galimoto, muyambire pati?

"Akulu, ndimakhala ku Chitungwiza. Nyimbo za pa intaneti zimamveka bwino pa wailesi ya m'galimoto kudzera pa Bluetooth ndikakhala mu Seke Road, koma ndikangolowa m'tauni ya Harare cha ku Copacabana zimadukaduka. Ndikaimika galimoto n'kuika vidiyo, mawu amatsalira m'mbuyo. Kodi ndigule wailesi ina?"

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Choyamba tidziwe chimene chikudukacho. Nyimbo ikadzangoti zii, yang'anitsani wokwera naye manambala owerenga nthawi ya nyimboyo pafoni. Akaima, ndiye kuti netiweki yalemedwa ndi kuchuluka kwa anthu, ndipo mankhwala ake ndi kusungiratu nyimbo m'foni musanachoke pakhomo. Koma akamayendabe wailesi ili chete, vuto lili pakati pa foni ndi wailesiyo.

Bluetooth imayenda pa mafunde a 2.4 GHz, omwenso Wi-Fi imadutsapo. Ili ndi tinjira 79, ndipo imadumpha kuchoka pa kena kupita pa kena ka 1,600 pa sekondi, n'kumazemba timene tili ndi phokoso. M'tauni, pomwe mashopu ndi makombi adzaza mafoni, tinjira tabata timachepa. Za anthu enawo simungazisinthe, koma kawirikawiri wosokoneza wamkulu amakhala m'galimoto momwemo. Ngati mwayatsa `Hotspot` kuti ana agwiritse ntchito intaneti, foni imodziyo ikugawa mphamvu ndi nthawi yake pa ntchito ziwiri. Izimitseni, kapena muisinthire pa 5 GHz ngati foni yanu imalola. Foniyo muichotsenso m'thumba la kumbuyo, muiike pafupi ndi wailesi, chifukwa thupi la munthu ndi madzi ambiri ndipo limameza mafundewa. Kenako zulani tchaja yotchipa ija ya pa choyatsira fodya, poti zina zimatulutsa phokoso la magetsi. Muzisintha chimodzichimodzi, tsiku ndi tsiku pamalo omwewo. Mukasintha zonse pakamodzi simudziwa cholakwa.

Za kuchedwa kwa mawu, ndinene mosabisa kuti sikutheratu. Foni imafinya mawu isanawatumize, ndipo wailesi imayamba yasunga kaye pang'ono isanawatulutse, kuti kachidutswa kakatayika m'njira katumizidwenso inu musanamve. Pa timahedifoni ta m'khutu zimenezi zimatenga mamilisekondi pafupifupi 150 mpaka 300, koma mawailesi ena a m'galimoto amafika sekondi yathunthu kapena kupitirira. Nkhokwe yomweyo imene imachedwetsa mawu ndi imenenso imakutetezani ku kudukaduka, choncho ikachepa nyimbo zimaduka msanga.

Pa nyimbo kuchedwaku si kodetsa nkhawa. Pa vidiyo yosungidwa m'foni, pulogalamu ya VLC ili ndi `Audio delay`. Ikani -300 ms, muzisuntha pang'onopang'ono mpaka milomo igwirizane ndi mawu. Ngati wailesi yanu ili ndi kabowo ka AUX, chingwe cha 3.5 mm chimathetsa mavuto onse awiri a Bluetooth nthawi imodzi.